Akwathu a ku Kabula Ali Kunja: kumuuza kasitomala wa ku Cork kuti ndalama zake zatumizidwa

Lachinayi, 27 Febuluwale 2025

Nachisale (Limbe): Mwaswera bwanji nonse. Ine ndinabwerera kumudzi koma musandichotse pagulu, nzeru zanu ndikuzifunabe. Pali mayi wina wa sitolo ku Cork, ku Ireland, amene ndimamusokera zikwama za chitenje. Anaitanitsa zikwama 100 pa mtengo wa mayuro 12 chimodzi, ndipo analipiriratu zonse, mayuro 1,200. Ndatumiza 60. Nsalu imene anasankha inatha mu Limbe monse, ndipo iye wakana mtundu wina, akuti ndimubwezere za 40 zotsalazo, mayuro 480. Lero ndinali ku banki, ndadzaza fomu, andidindira. Tsopano ndikufuna kumulembera imelo kuti ndalama ndatumiza. Ndilembemo chiyani kuti asandione ngati tambwali? Iye akungoti ndimutumizire refelensi.

Mavuto (Cape Town): Zophweka izo achemwali. Mukangolipira imabwera nambala pa foni, mumpatse imeneyo apite ndi chiphaso chake akatenge. Ine mwezi uliwonse ndimatero ndi amayi ku Bangwe.

Che Jafali (Durban): A Mavuto, inu mukunena za Mukuru, ndalama zochoka kuno kupita kumudzi. Izi n'zochoka mu akaunti ya ku Blantyre kulowa mu akaunti ya ku Ulaya, palibe amene akukaima pa mzere ndi chiphaso. Mayi, jambulani fomu yodindayo bwinobwino, chidindo chioneke, mutumize. Refelensi ndi nambala ya invoisi yanu ija. Basi.

Anaphiri (Dublin): Nachisale mng'ono wanga, dikirani kaye musanalembe. Ndifunse: ndalama zachoka kale mu akaunti yanu? Ndipo chimene anakupatsani ndi fomu imene munadzaza ndi dzanja lanu, kapena pepala lina losindikizidwa ndi makina a banki?

Nachisale (Limbe): Ndi fomu yomweyo imene ndinalemba ndekha. Mu akaunti sizinachoke, ndayang'ana pompano. Mtsikana wa pa kauntala anati andiimbira.

Anaphiri (Dublin): Ndiye kuti simunatumize. Mwapempha banki kuti itumize, ndipo chidindocho chikungochitira umboni kuti pempho lanu analandira. Ndinagwirako ntchito ya mafomu amenewa kwathu ndisanabwere kuno, ndipo kuno ndimakhala mbali inayo, yodikira ndalama za makasitomala a kampani ya katundu. Fomu ikachoka pa kauntala imapita kwa oona za ndalama zakunja. Iwo amayang'ana mapepala: invoisi, imelo ya mayiyo yopempha kubwezeredwa, ndi umboni woti mayuro 1,200 aja analowadi. Akakhutira, pamatsala funso lakuti mayuro alipo kapena ayi. Nonse mukudziwa m'mene ndalama zakunja zikuvutira kwathu, angakhale kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mzere wake sunathe. Fomu ikhoza kugona pa desiki ikudikira, inu muli ndi chidindo m'chikwama.

Mukamulembera lero kuti ndalama zatumizidwa, iye ayamba kuwerenga masiku lero lomwe. Pofika Lachitatu adzaimbira banki yake, banki yake idzamuuza kuti palibe chimene chikubwera. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mudzalembe adzachiwerenga mokayikira, ngakhale chikhale choona.

Che Jafali (Durban): Koma anthu timatumiza mafomu odinda tsiku ndi tsiku, ndipo amavomera. Bwana wanga kuno akalipira katundu amangojambula pepala, nkhani yatha.

Anaphiri (Dublin): Che Jafali, abwana anuwo akulipira marandi mkati mwa Joni momwemo, pepala limatuluka ndalama zitachoka kale. Pa invoisi paja mwalasa theka. Nambala ya invoisi imamuthandiza mayiyo kudziwa kuti ndalamazi n'zachiyani, ndipo iyenera kukhalamo mu imelo. Koma akapita nayo ku banki yake sangamufufuzire kanthu, chifukwa nambala imeneyo anaipanga ndi Nachisale pa tebulo lake losokera.

Nachisale (Limbe): Nanga ndingokhala chete? Wandilembera kale kawiri sabata ino.

Anaphiri (Dublin): Ayi, kukhala chete ndiye koipitsitsa. Lembani lero, koma mulembe zimene zachitikadi. Mizere itatu yakwana. Mumuuze kuti lero pa 27 Febuluwale mwapereka ku banki pempho lotumiza mayuro 480 pa invoisi yakutiyakuti, kuti ndalamazo sizinachoke chifukwa banki imayamba yavomereza kaye malipiro opita kunja, ndi kuti tsiku limene zidzachoke mudzamutumizira pepala la banki lokhala ndi nambala yolondolera. Mumuuzenso kuti Lolemba pa 3 Malichi mabanki kwathu ndi otseka, ndi tsiku lokumbukira ofera dziko. Iye za tchuthi chathu sakuzidziwa, aziona ngati mukuzemba. Fomu yodindayo mukhoza kuiphatikiza, bola munene poyera kuti ndi pempho chabe.

Tsiku loti zidzafika musalonjeze. Lonjezani tsiku loti mudzamulemberanso, monga Lachisanu la sabata yamawa, kaya zachoka kaya ayi. Limenelo ndiye lili m'manja mwanu.

Malume a Gift (Leeds): Ine ndikuona ngati mukuvutika ndi zosavuta. Anaphiri muli konko. Mpatseni mayiyo mayuro 480 lero, Nachisale apereke makwacha kwa abale anu ku Chilomoni. Aliyense wakondwa, banki osaiona n'komwe.

Anaphiri (Dublin): Malume, ndi ulemu wonse, ayi. Malamulo a Reserve Bank amafuna kuti kusinthana ndalama zakunja kudutse kwa ololedwa, ndipo awa ndi malonda, si thandizo la pa maliro. Mayuro aja analowa ku banki ngati malipiro a katundu wopita kunja, m'mabuku muli zikwama 100 pamene zinatuluka ndi 60. Pepala lobwezera ndi limene limalongosola 40 zinazo. Komanso mayi wa ku Cork adzalemba chiyani m'mabuku ake, ndalama zitachokera kwa munthu wa ku Dublin amene sanachite naye malonda?

Malume a Gift (Leeds): Chabwino. Koma muona nthawi imene zitenge.

Chisomo (Dubai): Aunt a ku Limbe pepani ndilowererepo. Akaunti imene mwalemba pa fomu munaitenga kuti? Ndikufunsa chifukwa kumene ndimagwira ntchito kuno zinachitikapo. Kunabwera imelo yooneka ngati ya munthu amene timamugula zinthu, dzina lake lomwe, kalembedwe kake komwe, akuti tasintha banki tumizani ku akaunti iyi. A mu ofesi anatumiza. Patapita sabata mwini wake weniweni anaimba kufunsa ndalama zake. Adilesi ya imelo ija inangosiyana chilembo chimodzi. Mpaka ine ndikulemba pano sindinamve kuti zinabwerera.

Nachisale (Limbe): Mwandiopsa mwanawe. Anandilembera mu imelo imene anapemphera ndalamazo.

Anaphiri (Dublin): Chisomo wanena zanzeru. Ndalama zobweza zibwerere ku akaunti imene zinachokera. Funsani banki pepala la tsiku limene mayuro 1,200 analowa, nthawi zambiri akaunti ya wotumiza imaoneka pamenepo, muyerekeze ndi imene mwalemba pa fomu. IBAN, nambala ya akaunti yolandirira ndalama zochokera kunja, ya ku Ireland imayamba ndi IE ndipo zilembo ndi manambala pamodzi zimakwana 22, muwerenge. Kenako mumuimbire mayiyo pa nambala imene mumalankhulana kale, osati imene ili m'munsi mwa imeloyo, akuwerengereni manambala anayi omaliza. Pano kuno tili kumbuyo kwanu ndi maola awiri, ndiye muimbe cha m'ma 11 koloko yakwathu sitolo itatsegulidwa. Mwayi wake ndalama sizinachoke, ngati pali cholakwika fomu ikhoza kukonzedwa mawa.

Nachisale (Limbe): Ndamuimbira pompano, anali asanatseke. Manambala agwirizana. Imelo ya mizere itatu ija mwana wanga wandilembera m'Chingerezi, yapita.

Lachinayi, 6 Malichi 2025

Nachisale (Limbe): Akwathu, zachoka! Uthenga wabwera pa foni kuti adula mu akaunti. Ndijambule uthengawu ndimutumizire?

Mavuto (Cape Town): Tumizani msanga asanasinthe maganizo.

Anaphiri (Dublin): Uthenga wa pa foniwo ukuonetsa makwacha amene achoka ndi amene atsala mu akaunti yanu. Mayiyo makwacha alibe nawo ntchito, ndipo zotsala zanu si zoti aziona. Pitani ku banki mukapemphe kope ya uthenga wa SWIFT, umene mabanki amatumizirana potumiza ndalama kunja, munene kuti mukufuna MT103. Mabanki ali mkati mosamukira ku mtundu watsopano wotchedwa pacs.008, malire ake ndi Novembala 2025, ndiye akakupatsani pepala la dzina limenelo musadabwe, ntchito yake ndi yomweyo. Muwapemphe akutumizireni ngati PDF pa imelo, ndipo muonetsetse kuti UETR, nambala yolondolera ndalama ija, ikuoneka. Ena amasindikiza pakati pokha n'kusiya mutu wa uthengawo, pamene nambalayo imakhala kumutuko.

Nachisale (Limbe): Ndabwerako. Anayamba andiuza kuti ndibwere mawa, koma nditatchula dzina la pepalalo anandilowetsa kwa bambo wina mkati. Ndabisa maina ndi maakaunti, zina ndi izi. Koma mtima wanga wagunda, 250306 imeneyi ndi ndalama zimene andidula?

```
UETR: 7c1e94b2-3a5d-4f08-9b6e-52d0a8c4e713
:20:FT25065K7Q2M
:32A:250306EUR480,00
:70:REFUND INV 014
:71A:SHA
```

Chisomo (Dubai): Ayi aunt, limenelo ndi tsiku. 25 ndi chaka, 03 ndi Malichi, 06 ndi lero. Ndalama ndi zimene zikutsatira EUR.

Anaphiri (Dublin): Eya, ndipo mpatuliro uli pakati pa 480 ndi 00 ukuimira dontho, ndi mayuro 480 ndendende. Tsiku limenelo ndi limene mulembe mu imelo, osati la 27 Febuluwale la pa fomu, chifukwa banki ya mayiyo ikamafufuza imayang'ana tsiku la pa uthengawu.

Tsopano manambala alipo atatu, ndipo ndi pamene anthu amasokoneza. INV 014 ndi yanu, mwaipanga nokha, ndipo ndi imene mwina idzaonekere pa sitetimenti ya mayiyo. Ndikuti mwina chifukwa malo amenewo ndi mizere inayi ya zilembo 35 uliwonse, ndipo mabanki ena amadula pooonetsa kwa kasitomala. Munachita bwino kulemba mwachidule. Ya pa :20: ndi ya banki yanu. Mukabwerera ku nthambi yanu ndi funso, imeneyo ndi imene adzailembe mu kompyuta. Koma mayuro ochoka ku Blantyre sapita molunjika ku Cork. Amadutsira ku banki ina ya ku Ulaya kumene banki yanu imasunga mayuro ake, nthawi zina ziwiri, ndipo iliyonse ikhoza kuika nambala yakeyake pamalo amenewo. Ndiye imene mukuiona inu si nthawi zonse imene banki ya ku Cork idzaione.

Yaitaliyo, ya zilembo 36 kuwerengera timizere, ndiyo sisintha kuchoka kwa inu mpaka kukafika. Zili ngati katundu amene timatumiza pa basi kuchoka ku Joni: atsitsidwe pa Beitbridge, asechedwe pa Mwanza, nambala imene inamatidwa pa chikwama imakhala yomweyo mpaka pa Wenela. Kuyambira Novembala 2018 uthenga uliwonse wa mtundu umenewu umayenera kukhala nayo. Mayiyo akaipereka ku banki yake, kapena inu ku banki yanu, amatha kuona kuti ndalamazo zaima pa banki iti. Refelensi imene akhala akukufunsani ija ndi imeneyi, ngakhale iye mwini mwina sakudziwa dzina lake.

Musailembe pamanja. Ikopeni kuchokera pa PDF. Chilembo chimodzi chikalakwika sapeza kanthu.

Che Jafali (Durban): Ndiye tiike yaitaliyo yokha, zinazo n'zongodzaza pepala.

Anaphiri (Dublin): Ikani zonse zitatu, iliyonse pa mzere wake ndi dzina lake. Ya invoisi ndi ya mayiyo ndi wowerengera mabuku ake, ziwiri zinazo ndi za mabanki. Chimene chimasokoneza ndi kulemba nambala imodzi n'kungoti refelensi ndi iyi, osanena kuti ndi iti.

Koma Nachisale, pali chimene chandigwira mtima pa mzere womaliza. Palembedwa SHA. Pa fomu munasankha chiyani pa za amene alipire mabanki?

Nachisale (Limbe): Panali timabokosi titatu. Ndinafunsa, anati anthu ambiri amasankha kapakati, n'kotsika mtengo.

Anaphiri (Dublin): N'kotsika mtengo kwa inu. SHA ndiye kuti inu mwalipira banki yanu yokha, mabanki a m'njira ndi ya ku Cork adzadula zawo pa mayuro 480 omwewo. Mukanasankha OUR mukanalipira zonse inu, mokwera mtengo, kuti iye alandire zathunthu, ngakhale ndinaonapo OUR ikufikabe yoperewera pang'ono. BEN ndiye zonse amadula pa ndalama zake, ndi za banki yanu zomwe. Pa ndalama zobweza ine ndimakonda OUR, chifukwa munthu analipira 480 ndipo akuyembekeza 480. Koma zapita, uthenga ukatuluka susinthidwa pa zimenezi. Chofunika n'chakuti amve kwa inu lero kuti zikhoza kufika zoperewera, asadzazionere yekha pa sitetimenti.

Malume a Gift (Leeds): Osamuuza zimenezo, mukumupatsa mpeni. Mwina sadula n'komwe. Akadzadandaula mudzati ndi mabanki akwawo.

Chisomo (Dubai): Malume, PDF ija akaitsegula SHA akaiona yekha. Anthu a masitolo amazidziwa zilembo zitatuzi.

Nachisale (Limbe): Ndimuuza. Anaphiri ndiyalireni imelo yonse, mwana wanga akaweruka kusukulu aiike m'Chingerezi.

Anaphiri (Dublin): Muyankhe pa imelo yomwe ija imene anapemphera ndalamazo kuti nkhani yonse ikhale pamodzi, koma mutu muusinthe, kuti ngakhale asanatsegule adziwe zili mkati, ndipo akadzaifuna miyezi ikubwerayi aipeze msanga. Mutu ukhale chonchi:

```
Refund sent: EUR 480.00, invoice 014, value date 6 March 2025
```

Mwezi mulembe ndi mawu, osati 06/03. Ku Ireland amawerenga ngati ife, tsiku kaye kenako mwezi, koma mukadzapeza kasitomala wa ku America adzawerenga kuti ndi pa 3 Juni. Zolowerani pano. Ndipo mulembe EUR, osati 480 yokha.

Mkatimo, mukapereka moni, chiganizo choyamba chikhale nkhaniyo: "Ndikukudziwitsani kuti banki yanga yatumiza mayuro 480 ku akaunti yanu lero pa 6 Malichi 2025, kubweza ndalama za zikwama 40 zimene sizinatumizidwe pa invoisi 014." Nkhani ya nsalu yosowa musaibwereze, anaimva kale. Kenako mundandanda uwu, chilichonse pa mzere wake kuti athe kukopa n'kutumiza ku banki yake:

```
Amount sent: EUR 480.00
Value date: 6 March 2025
Sender name:
Sending bank and BIC:
Paid to IBAN ending:
Payment details: REFUND INV 014
Bank reference: FT25065K7Q2M
UETR: 7c1e94b2-3a5d-4f08-9b6e-52d0a8c4e713
Charges: SHA
```

Mizere itatu ndasiya yopanda kanthuyo mudzaze nokha, musaiike pagulu pano. Pa IBAN manambala anayi omaliza akwana. BIC, chizindikiro cha banki yanu pa SWIFT, ili pa PDF pomwepo, imakhala ya zilembo 8 kapena 11.

Pansi pake muike ziganizo zitatu. Choyamba cha SHA: "Mabanki a m'njira akhoza kudula zawo, choncho zikafika zosakwana 480 mundiuze zimene mwalandira, tikambirane za zoperewerazo." Chachiwiri cha nthawi: "Kawirikawiri zimatenga masiku angapo ogwira ntchito. Ngati pofika Lachinayi pa 13 Malichi sizinaoneke, perekani UETR ku banki yanu ndipo mundidziwitse, inenso ndifunse kuno." Chachitatu: "Zikalowa chonde ndiyankheni." Mutchule kuti mwaphatikiza pepala la banki, mutsirize ndi dzina ndi nambala yanu ya foni.

Mavuto (Cape Town): Koma yauma bwanji imeloyi. Palibe ngakhale kupepesa, kapena kufunsa za kunyumba? Kwathu sititero.

Nachisale (Limbe): Inenso ndimaganiza zomwezo. Mayiyu wandigula zaka zingapo, ana ake ndimawadziwa maina.

Anaphiri (Dublin): Moni ndi kuthokoza chifukwa chodikira muike, mzere umodzi pamwamba, wina pansi. Ine chimene ndikukana ndi ndime ziwiri za kupepesa pamene nambala yabisala pakati. Imelo imeneyi mwina adzaitumiza kwa wowerengera mabuku kapena kwa kalaliki wa banki amene sakukudziwani. Za ana mucheze naye pa foni madzulo, zimakomanso kuposa.

Chinanso, pa dzina la wotumiza. Akaunti ili m'dzina lanu kapena la bizinesi?

Nachisale (Limbe): La bizinesi, limene tinalembetsa ndi bambo a kunyumba. Iye amandidziwa ndi dzina langa loyamba basi. Polipira paja anangokopa zimene ndinamupatsa, sindikhulupirira kuti akulikumbukira.

Anaphiri (Dublin): Ndiye mulembe ndendende m'mene lalembedwera pa :50: pa PDF, ngakhale lalembedwa modula kapena ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Kuntchito kwathu kuno ndalama zina zimakhala mu akaunti osadziwika mwini, ife tikulembera kasitomala kuti sanalipire, chonsecho zinabwera m'dzina la mlamu wake kapena la kampani ina. Ukamafufuza pa sitetimenti umafufuza ndi dzina ndi kuchuluka kwa ndalama. Apa kuchuluka kukhala kosiyana chifukwa cha SHA, ndiye dzinalo likakhalanso lachilendo adzazidumpha ndi maso.

Che Jafali (Durban): Funso langa. Mbale wanga ku Zingwangwa akufuna kubwezera munthu kuno ku Durban. Banki ikumufunsa IBAN, munthuyo akuti alibe. Akunama?

Anaphiri (Dublin): Sakunama, Joni sagwiritsa ntchito IBAN, monganso kwathu. Apereke nambala ya akaunti, nambala ya nthambi ndi BIC. Mu imelo, pa mzere wa IBAN aikepo manambala omaliza a akaunti. Ndipo amuchenjeze kuti ndalama zochokera kunja zikafika ku Joni banki imatha kumufunsa mwini akaunti kuti n'zachiyani isanaziike mu akaunti, ndiye asamanyalanyaze mafoni ndi mauthenga a banki.

Nachisale (Limbe): Yapita, 5 koloko ndi theka. Mwana wanga anafuna kuika PDF pa linki, ndamuuza aphatikize pa imelo pomwepo.

Chisomo (Dubai): Mwachita bwino aunt. Imelo yonena za ndalama yokhala ndi linki ife kuno anatiletsa kutsegula.

Lachiwiri, 11 Malichi 2025

Nachisale (Limbe): Wayankha m'mawa uno. Zalowa dzulo, koma mayuro 462. Aperewera 18. Sanakwiye, wangoti zikomo munandichenjeza, tipange bwanji za 18.

Malume a Gift (Leeds): Mwaona? Mukanakhala chete bwenzi atangozisiya. Mayuro 18 kwa mzungu wa sitolo ndi chiyani? Ndipo njira yanga ija sikanadula ngakhale tambala.

Che Jafali (Durban): Apite ku banki yake ndi nambala yaitali ija akamubwezere. Si ntchito yake imeneyo?

Anaphiri (Dublin): Nambalayo imaonetsa kumene ndalama zadutsa, ndipo banki yake ikhoza kumuuza kuti anadula ndani ndi zingati. Koma kubweza sangabweze, chifukwa uthenga unanena SHA ndipo iwo anachita zimene unawalola. Kutumizanso mayuro 18 pa njira yomweyi musayerekeze, zolipira zake zikhoza kuposa ndalamazo, kuwonjezera fomu ina ndi kudikira kwina. Ngati pali oda ina ikubwera, mulembereni kuti mudzachotsa 18 pa invoisi yotsatira, ndipo pa invoisiyo muike mzere wakewake wotchula invoisi 014 ndi tsiku la 6 Malichi, kuti mabuku ake ndi anu agwirizane. Mumuyankhe pa imelo yomwe ija, mutchule kuti mwamva kuti walandira 462.

Mavuto (Cape Town): Ine sindikuvomereza kuti zonse zigwere achemwali. Iwo alipira kale banki ya kwathu, nsalu sanathetse ndi iwo, ndipo mayiyo ndi amene anakana mtundu wina. Agawane, 9 uyu 9 uyu.

Chisomo (Dubai): Koma amene sanakwanitse oda ndi ife a Mavuto. Mayiyo analipira zonse nthawi yake, komanso potumiza paja banki yake inamudula.

Mavuto (Cape Town): Nanga achemwali paja analandira 1,200 yathunthu? Mwina iwonso anadulidwa osadandaula.

Nachisale (Limbe): Limenelo ndiye sindinaliyang'ane, ndinangoona makwacha. Pepala lija ndili nalo kunyumba, ndikaona madzulo. Oda ya Meyi wanena kuti ilipo, zikwama 50, koma akuti ndiyambe ndagula nsalu yonse ndisanamutumizire invoisi.

Anaphiri (Dublin): Pa pepala lolandirira lija yang'anani mizere iwiri. :33B: ndi zimene iye analamula kuti zitumizidwe, :32A: ndi zimene zinafika ku banki yanu. Ngati zikusiyana, mudziwa zimene munadulidwa, ndipo mukhala ndi poyambira pokambirana za 18. Ndipo pa invoisi ya Meyi muikepo mzere wonena amene adzalipire mabanki, polipira ndi pobweza pomwe.

Malume a Gift (Leeds): Nachisale, mukaona madzulo mutiuze. Ine ndili kumbali ya a Mavuto.